Masheya alipo, mtengo ulipo, koma wogula ali kuti?

Zaka zaposachedwapa mitengo ya masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre yakwera kwambiri, ndipo mbiri yake yafika mpaka kuno kunyanja. Aphunzitsi, anamwino, alimi a nzimbe ku Dwangwa ngakhalenso amalonda a mpunga pa boma la Nkhotakota ayamba kufunsa momwe angagulire masheya. Zimenezi zimandisangalatsa, chifukwa ndalama yongokhala mu akaunti ikutha mphamvu mwezi ndi mwezi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti pafupifupi aliyense amafunsa za kugula basi. Funso lakuti tsiku lomwe adzafune ndalama yake adzamugula ndani, ndipo pa mtengo wanji, silimveka kawirikawiri. Pa msika waung'ono ngati wathuwu yankho la funsoli likhoza kudya phindu la chaka chathunthu m'mawa umodzi.

Tiyambire pa nambala yomwe anthu amaikhulupirira kwambiri, mtengo umene umasindikizidwa msika ukatseka. Munthu amaona kuti sheya ya kampani yakuti ili pa K500, n'kuchulukitsa ndi masheya omwe ali nawo, n'kunena kuti ali ndi ndalama zakuti. Koma K500 imeneyo ikungokuuzani za malonda omwe achitika kale. Wina anagulitsa, wina anagula, mwina masheya 300 okha. Ngati tsikulo sipanachitike malonda alionse, mtengo wakale umangopitirira kulembedwa, ndipo ukhoza kukhala wa mlungu watha. Palibe amene walonjeza kuti inunso adzakugulani pa mtengowo.

Amalonda a mpunga amazidziwa bwino izi. Thumba limodzi la kilombero likagulidwa pa mtengo wabwino m'mawa, sindiye kuti matumba 200 amene muli nawo m'nyumba apita onse pa mtengo womwewo lero. Ogula a mtengo wabwino ndi ochepa, akatha mumatsikira kwa otsatira, ndipo dzuwa likapendeka atsala ndi mavenda okhaokha amene aona kuti mukufulumira.

Pa msika wa masheya ogula ndi ogulitsa saonana maso. Inu mumauza buloka wanu, amene ndi kampani yovomerezeka monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndipo iye amalowetsa oda yanu m'makina a msikawo. M'makinamo muli mizere iwiri pa kampani iliyonse. Mzere woyamba ndi wa ofuna kugula, ndipo amene wapereka mtengo wokwera ndiye amakhala kutsogolo. Mzere wachiwiri ndi wa ofuna kugulitsa, ndipo kutsogolo kumakhala wa mtengo wotsika. Awiri akafanana mtengo, amene anayamba kuika oda ndiye amayamba kuthandizidwa. Malonda amachitika pokhapokha wakutsogolo kwa mzere uwu akagwirizana mtengo ndi wakutsogolo kwa mzere winawo. Sheya imene imagulitsika msanga ndi imene mizere yake iwiri ili yodzaza ndiponso yoyandikana mitengo. Imene mizere yake ili yopyapyala, kapena mzere umodzi ulibe munthu n'komwe, ndiyo tikukamba pano.

Ndipereke chitsanzo, ndipo manambala ake ndawapeka dala kuti masamu aoneke bwino, si a kampani iliyonse yeniyeni. Mayi wina wa ku Nkhotakota, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ali ndi masheya 40,000 a kampani imodzi. Mtengo wotsekera ndi K500, choncho papepala ali ndi K20 miliyoni. Wapeza nyumba yoti agule, ndipo mwini wake wamupatsa milungu iwiri kuti apereke K10 miliyoni yoyamba. M'maganizo mwake nkhani ndi yapafupi: agulitsa theka la masheyawo, theka linalo alisunga.

Akuimbira foni buloka, ndipo buloka akumuwerengera zomwe zili m'makina. Ofuna kugula alipo anayi. Woyamba akufuna masheya 2,000 pa K495. Wachiwiri akufuna 5,000 pa K470. Wachitatu akufuna 8,000 pa K440, ndipo womaliza akufuna 10,000 pa K400. Kumbali ya ogulitsa kuli kale masheya 60,000 amene akudikira pa K500. M'miyezi yapitayi masheya a kampaniyi akhala akuyenda pafupifupi 3,000 patsiku.

"Mayi, ndikhoza kukugulitsirani lero lomwe," akutero buloka, "koma si pa K500."

Tione chimene chingachitike mayiyu atati agulitse lero kwa aliyense amene alipo. Masheya 2,000 oyamba abweretsa K990,000. Otsatira 5,000 abweretsa K2,350,000. Pamenepa wagulitsa 7,000 okha ndipo ogula a mtengo wabwino atha kale. Masheya 8,000 apita pa K440, n'kubweretsa K3,520,000. Kuti akwanitse ndalama ya nyumba ayenera kufika kwa wogula womaliza wa K400 uja, ndipo akamupatsa 10,000 onse alandira K4 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K10,860,000 pa masheya 25,000. Papepala masheya amenewa anali a K12,500,000. Ndiye kuti K1,640,000 yasowa, pafupifupi 13 peresenti, ndipo palibe amene wamubera. Kampani ikuyenda bwino monga dzulo, buloka wachita zimene anauzidwa. Chimene chatsitsa mtengo ndi oda yake yomweyo, chifukwa inali yaikulu kuposa mzere wa ogula.

Pamwamba pa izi pali komishoni ya buloka ndi msonkho wake. Tinene kuti zonse pamodzi ndi 1.5 peresenti, imeneyo ndi K162,900. Anthu ambiri amafunsitsa za komishoni pogula masheya, ndipo n'koyenera kufunsa, koma taonani kuti m'chitsanzochi komishoni ndi kachigawo kamodzi mwa magawo khumi a ndalama imene yatayika chifukwa cha kuchepa kwa ogula. Komishoni imalembedwa pa risiti. Ndalama inayo siilembedwa paliponse, ndipo ndi chifukwa chake anthu saiona.

Pali chinanso chowawa. Masheya 15,000 amene watsala nawo alibe wogula ngakhale mmodzi tsopano, mzere wonse wausesa. Ndipo malonda omaliza achitika pa K400, kotero mawa aliyense amene ali ndi masheya a kampaniyi aona kuti mtengo wagwa. Ena achita mantha n'kuikanso oda zogulitsa. Atati awerengere otsalawo pa K400, ndi K6 miliyoni m'malo mwa K7,500,000 ya dzulo.

Njira ina ndi kukana kutsitsa. Mayiyu akhoza kuuza buloka kuti asagulitse pansi pa K500, ndipo ndi ufulu wake. Koma akaima pa K500 aima kumbuyo kwa masheya 60,000 amene anafika kale. Ngati patsiku pakuyenda 3,000, mzerewo utenga masiku 20 a ntchito kuti uthe, ndiye kuti mwezi wathunthu asanagulitse ngakhale sheya imodzi. Kuti 40,000 akewo athe onse pafunika masiku ena 13 kapena 14. Tikunena za milungu pafupifupi 7, ndipo apa tikuganiza kuti palibe wina amene abwere n'kuika K499, n'kudumpha mzere wonse. Nyumba ija idzakhala itapita kale.

Kudikira nakonso kuli ndi mtengo wake ngakhale pasakhale nyumba. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Pa liwiro lotere, K20 miliyoni imene mwaidikira miyezi iwiri yataya mphamvu yogulira ya pafupifupi K1 miliyoni. Amene anali pamzere wogulitsa mu Novembala 2023, pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kuti akagule katundu wochokera kunja, anapeza kuti katunduyo wadula asanalandire ndalama yawo. Ena amati akongole kaye kwinaku akudikira masheya agulike. Ngati ngongoleyo ndi ya ku banki m'khonde kapena kwa akatapila, chiwongoladzanja cha mwezi umodzi chikhoza kupitirira 13 peresenti imene amaithawa ija.

Ndikanakhala kuti ndikulangiza mayiyu, ndikanamuuza kuti agawe oda yake. Agulitse lero 7,000 kwa ogula awiri akutsogolo aja, asatsike pansi pa K470, apeze K3,340,000. Kenako aike masheya 18,000 pa K490, kuti akhale kutsogolo kwa mzere wa K500. Ngati ogula apitiriza kubwera monga mwa masiku onse, m'masiku 6 a ntchito masheya amenewa atha, n'kubweretsa K8,820,000. Pamodzi ndi K12,160,000 pa masheya 25,000 omwe aja, kusiyana kwa K1,300,000 ndi kugulitsa kwa tsiku limodzi. Ndati masiku 6 osati 10 chifukwa ndalama siilowa mu akaunti tsiku lomwelo la malonda. Pamadutsa masiku angapo a ntchito kuti masheya asamutsidwe ndi ndalama ilipidwe, ndipo masiku amenewa ayenera kuchotsedwa pa milungu iwiri ija.

Njirayi si yopanda vuto. Ogula akaona kuti wina wagulitsa pa K470, ena sangafunenso kupereka K490. A pa mzere wa K500 akhoza kutsikira pa K485 n'kumupitirira. Ndipo 3,000 patsiku ndi chiwerengero chapakati chabe, masiku ena papita 9,000, masiku ena osapita kalikonse. Tinene kuti ogula abwera theka lokha. Agulitsa 9,000 pa K490, ndiye K4,410,000, kuphatikiza ya tsiku loyamba ikwana K7,750,000. Yaperewera. Tsiku lomaliza ayenera kupita kwa wogula wa K440 uja, ngati akadalipo, kuti afike pa K11,270,000. Ngakhale zitatero wapezabe bwino kuposa kusesa mzere wonse tsiku loyamba, koma wagona masiku angapo mtima uli m'mwamba, ndipo ogula a K440 ndi K400 aja akanachotsa oda zawo, mayiyu akanasowa pogwira.

Kodi n'chifukwa chiyani mizere ya ogula ndi ogulitsa imapyapyala chonchi kwathu kuno? Msikawu unayamba malonda a masheya mu 1996, pamene NICO inakhala kampani yoyamba kulembetsedwa, ndipo patapita zaka zonsezi makampani ake sanafikebe 20. Koma kuchepa kwa makampani si nkhani yaikulu. Nkhani yaikulu ndi yakuti masheya ambiri a makampaniwa ali m'manja mwa eni ake aakulu amene sagulitsa. Illovo Sugar Malawi, imene minda yake ya nzimbe timaiona ku Dwangwa, 76 peresenti ya masheya ake ndi ya kampani yaikulu ya Illovo. Sunbird, mwini wa hotela ya Livingstonia ku Senga Bay m'boma la Salima, pafupifupi 71 peresenti ndi ya boma. Airtel Malawi italowa pa msikawu mu 2020 inagulitsa kwa anthu 20 peresenti yokha. Sindikunena kuti makampani atatuwa ndiwo ovuta kugulitsa, ndawatchula chifukwa ndi amene timawaona ndi maso kuno. Chimene akuonetsa n'chakuti kampani ikhoza kukhala yaikulu ndi yotchuka pamene gawo la masheya ake loyenda pamsika lili laling'ono.

Ngakhale gawo laling'onolo silili lonse m'manja mwa anthu wamba. Chikhazikitsireni lamulo la penshoni la 2011, limene linakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni, makampani osunga ndalamazi amalandira ndalama mwezi uliwonse ndipo ayenera kupeza poziika. Malo oziika m'dziko muno ndi ochepa, choncho akagula masheya abwino amawasunga zaka zambiri. Akagulitsa, ndalamayo akaiika kuti? Anthu wamba ambiri amene anagula pamene kampani inkalowa kumene pamsika nawonso amangosunga, n'kumalandira phindu logawidwa chaka ndi chaka. Otsala ogula ndi kugulitsa tsiku ndi tsiku ndi ochepa kwambiri. Pa misika ikuluikulu ya kunja kuli makampani amene ntchito yawo ndi kuima pakati nthawi zonse, okonzeka kugula ndi kugulitsa pa mitengo yoyandikana. Kuno musawerengere zimenezo. Wokugulani ndi munthu kapena kampani imene yafuna masheyawo tsiku limenelo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimanyenga anthu ochenjera omwe. Msika ukamakwera, vuto limaoneka ngati kulibe. Mzere wa ogula umadzaza, ogulitsa n'kusowa, ndipo amene akudandaula ndi ofuna kugula chifukwa oda zawo zikutha milungu osapeza masheya. Mtengo umakwera ndi malonda ang'onoang'ono, ndipo aliyense amaona chuma chake chikukula papepala. Koma kupyapyala komweko kumene kumakweza mtengo mofulumira ndi kumenenso kumaugwetsa. Kukatuluka nkhani yoipa, kaya phindu la kampani latsika kaya boma lakweza chiwongoladzanja pa ngongole zake moti osunga ndalama aona kuti kuli bwino kubwereketsa boma, ogula amachotsa oda zawo tsiku lomwelo ndipo ogulitsa amathamangira pakhomo limodzi. Choncho kuona ogula ambiri lero si umboni woti adzakhalapo tsiku limene inu mudzawafune. Kawirikawiri tsiku limene anthu ambiri akufuna ndalama ndi lomwenso ogula ali ochepa.

Zonsezi munthu akhoza kuziona asanagule, ndipo sizifuna maphunziro apamwamba. Msikawu umatulutsa malipoti a malonda tsiku lililonse ndi mlungu uliwonse, ndipo buloka akhoza kukutumizirani pa foni. Maso ambiri amathamangira pa mtengo. Inu yang'anani pamene palembedwa Volume, pomwe ndi chiwerengero cha masheya amene agulidwa. Tsatirani kampani imene mukuifunayo kwa mwezi umodzi kapena iwiri, muwerenge masiku amene sipanachitike malonda alionse. Musanyengedwe ndi chiwerengero cha mwezi wonse. Makampani awiri a penshoni akhoza kugulitsana masheya 2 miliyoni tsiku limodzi, mweziwo n'kuoneka ngati wa malonda ambiri, pamene masiku ena onse panalibe kanthu. Chotsani tsiku lotere, muone zotsalazo, chifukwa ndi zimene inu mudzakumane nazo.

Kenako funsani buloka mitengo iwiri yakutsogolo kwa mizere ija, komanso kuchuluka kwa masheya pa mtengo uliwonse. M'chitsanzo chathu wogulitsa ali pa K500 ndipo wogula ali pa K495, kusiyana kwa 1 peresenti, kumene kukuoneka kwabwino. Mutagula n'kugulitsa nthawi yomweyo mungataye 1 peresentiyo kuphatikiza komishoni ya mbali ziwiri, pafupifupi 4 peresenti yonse. Koma taona kuti kumbuyo kwa K495 kunali masheya 2,000 okha. Kwa munthu wa masheya 1,500 msikawu ndi wabwinobwino, agulitsa lero pa K495 n'kupita. Kwa mayi wa 40,000 uja ndi msika wina. Ichi n'chifukwa chake funso lakuti "kodi sheya iyi imagulitsika?" lili losakwanira. Funso lake ndi lakuti imagulitsika ingati, m'masiku angati.

Masamu amene ine ndimagwiritsa ntchito ndi apafupi. Sindiyembekezera kuti ogula onse a tsiku adzagula kwa ine ndekha, chifukwa ogulitsa ena aliponso. Ndimatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a malonda a tsiku. Ngati patsiku pakuyenda 3,000, langa ndi 750. Masheya 40,000 ndiye kuti afuna masiku opitirira 50 a ntchito kuti ndituluke osagwetsa mtengo, miyezi iwiri ndi theka. Ngati ndikufuna kuti ndizitha kutuluka m'milungu iwiri, sindiyenera kukhala ndi oposa 7,500 m'kampani imeneyo. Si lamulo la msika, ndi muyezo wanga, ndipo wina akhoza kutenga gawo limodzi mwa atatu kapena mwa asanu. Munthu amene ndalamayo saifuna kwa zaka zisanu akhoza kusunga ochuluka kuposa pamenepa mosadandaula, ndipo nthawi zina masheya ovuta kugulitsawa ndi amene amapereka phindu labwino kwa wodekha, popeza ena amawathawa. Koma ndalama ya fizi ya teremu yamawa, ya feteleza mvula isanagwe, kapena yogulira mpunga nthawi yokolola siyenera kukhala m'masheya otere, chifukwa ili ndi tsiku lake ndipo msika sudziwa za tsikulo.

Kwa ife a kutali ndi Blantyre pali kuchedwa kwina kumene kumayamba oda isanalowe n'komwe m'makina. Masheya masiku ano amasungidwa pakompyuta, mu akaunti yosungiramo masheya yotchedwa CSD, imene imayendetsedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Anthu amene anagula kalekale ambiri akadali ndi setifiketi yapepala m'sutikesi, ndipo singagulitsidwe mpaka itaperekedwa kwa buloka, n'kutsimikizidwa, masheyawo n'kulowetsedwa mu akauntiyo. Dzina la pa setifiketi likasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, kapena siginecha ikasintha ndi ukalamba, pamafunika makalata ena. Mwini masheya akamwalira, ana ake sangagulitse mpaka atapeza makalata ovomerezeka oyendetsera chuma cha masiye, ndipo zimenezi zimatenga miyezi. Kuchokera ku Nkhotakota kapena ku Salima, pepala lililonse losowa ndi ulendo wina wa pa msewu wa M5. Ntchito imeneyi ichitike pamene simukufuna kugulitsa. Mayi wa m'chitsanzo chathu akanakhala ndi setifiketi yapepala, milungu iwiri ija ikanathera m'makalata okhaokha, ogula anayi aja asanawaone n'komwe.

Mukafika popereka oda, buloka muuzeni zinthu zitatu momveka, ndipo zikhale zolembedwa: chiwerengero cha masheya, mtengo umene asatsike pansi pake, ndi tsiku limene odayo ithere mphamvu. Mawu akuti "ingogulitsani pa mtengo umene ulipo" pa sheya ya ogula ochepa ndi chilolezo choti atsike mzere wonse mpaka kwa wa K400 uja. Mufunseninso ngati akudziwa kampani ya penshoni kapena wosunga ndalama wina amene akufuna masheya ochuluka a kampaniyo. Ogula aakulu nthawi zambiri saika oda zawo zonse poonekera, ndipo kwa iwo masheya 40,000 pakamodzi pa K480 akhoza kukhala abwino kuposa kutola 3,000 patsiku kwa milungu itatu.